Kukonza chilembo cholakwika mu PDF osasokoneza mizere ndi fonti

Kalata yalembedwa, yasungidwa ngati PDF, ndipo mawa m'mawa ikuyenera kupulintidwa kapena kutumizidwa kwa anthu. Poiwerenga komaliza mukuona kuti penapake palembedwa "msonkano" m'malo mwa "msonkhano". Ngati fayilo ya Word yomwe PDF imeneyo inachokera ilipobe, musavutike ndi zonse zili m'munsimu: konzani m'menemo n'kupanganso PDF ina. Ngakhale zitafunika kuimbira foni amene anailemba n'kudikira mpaka madzulo, njira imeneyo ndiye yabwino kuposa zonse. Malangizo awa ndi a pamene fayilo yoyambirira inatayika, laputopu inafa, kapena mwiniwake sakupezeka.

PDF, yomwe kampani ya Adobe inatulutsa mu 1993, sisunga ndime monga m'mene Word amachitira. Chimene imasunga ndi malangizo akuti chilembo chakuti, cha fonti yakuti, chikhale pamalo akuti papepala. Zilembo zili ngati njerwa za khoma lomwe simenti yake inauma kale: mutha kugumula imodzi n'kuikapo ina, koma zinzake sizisuntha zokha kuti zikupatseni malo. Pulogalamu yokonzera PDF imangoganizira kuti mizere iyi ndi ndime imodzi, ndipo ikaganiza molakwika m'pamene mizere imapanikizana, mawu n'kugwera mumzere wapansi, fonti n'kusintha. Ntchito yanu ndi kudziwa fonti musanakhudze kanthu, kuyeza malo amene alipo, n'kukhudza mzere umodzi wokha.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti ndi kalata ya tsamba limodzi yoitana makolo kusukulu, papepala la A4, yolembedwa ndi Times New Roman ya saizi 12, mizere yake yolunjikitsidwa mbali zonse ziwiri. Mzere wolakwika ndi uwu: "Tikupempha makolo onse kuti adzafike pa msonkano umene udzachitike pa sukulu pano", ndipo mzere wotsatira ukuyamba ndi "Loweruka".

1. Sungani kope, kenaka onani ngati ali malemba enieni

Koperani fayiloyo n'kuipatsa dzina lina. Yoyambirirayo musaikhudze, chifukwa ndi imene mudzafananizire nayo kumapeto.

Tsegulani kopelo, dinani Ctrl+F, n'kulemba "msonkano". Liwulo likapezeka n'kuwalitsidwa, ndiye kuti mufayilomo muli malemba. Likapanda kupezeka, komanso mukakoka mausi pamzere osasankhika chilembo chilichonse, tsambalo ndi chithunzi chochokera pa sikana, kapena zilembo zake zinasandutsidwa zojambula. Pamenepo palibe fonti yoti muisunge, ndipo kalata ya tsamba limodzi ndi bwino kungoitayipanso. Pali mafayilo ena opusitsa: ndi a sikana, koma pansi pa chithunzi anaikapo malemba osaoneka kuti Ctrl+F izigwira ntchito. Kuti muwazindikire, kulitsani tsamba kufika 800%. Zilembo zenizeni zimakhalabe zosalala m'mphepete, pomwe za chithunzi zimaoneka timadontho ndi timakwerero.

Ngati kalatayo inasainidwa pakompyuta ndi siginecha yotsimikizika, kusintha chilembo chimodzi chokha kumaiphetsa, ndipo wotsegula amauzidwa kuti fayilo inasinthidwa itasainidwa kale. Ndipo satifiketi, risiti, sitetimenti ya kubanki kapena kalata ya ofesi ina si zanu zoti mukonze, ngakhale dzina lanu litalembedwa molakwika. Zibwezereni kwa amene anazitulutsa.

2. Dziwani fonti, ndipo onetsetsani kuti muli nayo

Apa m'pamene ntchito imathekera kapena kulepherera, choncho musathamange. Mu Adobe Acrobat, ngakhale Reader yaulere ija, dinani Ctrl+D n'kusankha Fonts. Mudzaona mndandanda wa mafonti onse a mufayilomo, ndipo pambali pa dzina lililonse pamakhala mawu akuti Embedded kapena Embedded Subset, kapenanso pamakhala popanda kanthu. Amene ali pa Linux angathe kuona zomwezo ndi lamulo ili:

```
pdffonts kalata.pdf
```

M'zotuluka zake, pansi pa `emb` ndi `sub` pamalembedwa `yes` kapena `no`, ndipo dzina la fonti limatha kuoneka chonchi: `ABCDEF+TimesNewRomanPSMT`. Zilembo zazikulu zisanu ndi chimodzi zotsatiridwa ndi chizindikiro cha kuphatikiza zikutanthauza chimodzimodzi ndi Embedded Subset: mufayilomo simunalowe fonti yonse, munalowa zilembo zokhazo zimene kalatayo inagwiritsa ntchito. Amachita zimenezi kuti fayilo ikhale yaing'ono.

Taonani chimene izi zikutanthauza pa kalata yathu. Chilembo h chilipo kale m'liwu la "Tikupempha", ndiye kuti mufonti wamba chilimo. Koma zilembo zonenepa zimawerengedwa ngati fonti ina payokha, `TimesNewRomanPS-BoldMT`, ndipo ngati mutu wa kalata ndi "KALATA KWA MAKOLO" basi, fonti yonenepayo ili ndi zilembo K, A, L, T, W, M ndi O zokha. Cholakwika chikakhala m'mutumo n'kufunika H, ndiye kuti mufayilomo mulibe. N'chimodzimodzinso ndi ŵ. Kalata yolembedwa "Malawi" ponseponse ilibe ŵ, ndipo mukafuna kusintha kuti ikhale "Malaŵi", chilembocho chiyenera kuchokera ku fonti ya m'kompyuta mwanu. Times New Roman, Arial ndi Calibri zili nacho, koma mafonti ambiri okongoletsa a makadi a ukwati alibe, ndipo pamalo pake pamabwera kabokosi kopanda kanthu kapena ŵ wa mtundu wina woonekera patali.

Choncho lamulo n'lakuti fonti yomweyo ikhale yoikidwa m'kompyuta imene mukukonzerapo. Acrobat imadalira fonti ya m'kompyuta polemba zilembo zatsopano, ndipo ikaisowa imakuchenjezani n'kulowetsa ina. Pa Windows tsegulani `C:\Windows\Fonts` muone ngati dzinalo lilipo, pamodzi ndi lonenepa ndi lopendekeka ngati mukuwafuna. Times New Roman ndi Arial zimabwera kale ndi Windows. Kompyuta ikakhala ya Linux, mafonti amenewa kawirikawiri sakhalamo, koma pali ena amene anapangidwa dala kuti chilembo chilichonse chikhale ndi mulifupi wofanana: Liberation Serif m'malo mwa Times New Roman, Liberation Sans m'malo mwa Arial, Carlito m'malo mwa Calibri, Caladea m'malo mwa Cambria. Amenewa amasunga kutalika kwa mizere, koma kaumbidwe ka zilembo kamasiyana pang'ono. Ndi abwino pamene tsamba lonse lasinthidwira ku fonti imodzi. Liwu limodzi la Liberation Serif pakati pa Times New Roman limaoneka ndithu kwa munthu woyang'anitsitsa. Ine ndingasankhe kupita kukabwereka kompyuta ya mnzanga yomwe ili ndi fonti yeniyeni kusiyana n'kusakaniza.

3. Yezani ngati chilembo chatsopano chikwana

Anthu ambiri amadumpha sitepe iyi, kenaka n'kumadabwa ndime yonse itagwedezeka. Kuwerengera kwake n'kosavuta. PDF imayeza ndi mapoyinti, ndipo mapoyinti 72 ndi inchi imodzi. Pepala la A4 ndi mapoyinti 595 mulifupi. Mukachotsa m'mphepete mwa inchi imodzi mbali iliyonse, mzere umatsala ndi mapoyinti 451. Mu Times New Roman chilembo h chimatenga theka la saizi ya fonti, ndiye pa saizi 12 ndi mapoyinti 6, omwe ndi mamilimita awiri ndi kachidutswa.

Mzere wathu uli ndi mawu 12 ndi mipata 11. Zilembo zake zonse pamodzi zimatenga mapoyinti pafupifupi 393, ndipo mpata wachibadwa ndi mapoyinti 3, kotero mzerewo ukanakhala wosatambasulidwa ukanatalika pafupifupi 426. Otsala ndi 25, amene Word anawagawira m'mipata ija kuti mzere ufike kumphepete, mpata uliwonse n'kukhala woposa pang'ono mapoyinti 5. Tikaika h, mipata ingochepa ndi theka la poyinti uliwonse, ndipo diso silingaone kusiyanako. Liwu la "pano" lilibe chifukwa chogwera pansi, ndipo "Loweruka" ndi lalitali moti silingakwere. Tikudziwiratu kuti kukonza kukayenda bwino, mzere umodzi wokha ndi umene usinthe.

Simukuyenera kuwerengera chilembo chilichonse monga ndachitiramu. Kulitsani tsamba muyang'ane. Ngati mizere ndi yolunjikitsidwa kumanzere kokha, onani ngati kumapeto kwa mzere wolakwika kwatsala malo okwana chilembocho. Ngati ndi yolunjikitsidwa mbali zonse, fananizani mipata ya mzerewo ndi ya mzere womaliza wa ndime, umene sutambasulidwa. Mipata ikakhala yotakasuka kuposa ya mzere womaliza, malo alipo. Ikakhala yofanana nayo, mzerewo ndi wodzaza, ndipo mudzafunika kupanikiza pang'ono.

Kusintha nambala n'kopepuka kuposa zonsezi. Mu Times New Roman ndi Arial manambala onse kuyambira 0 mpaka 9 ali ndi mulifupi umodzi, choncho kusintha 2024 kukhala 2025 sikusuntha kanthu. Chovuta ndi kuika m pamalo pa i, chifukwa m ndi wotambalala pafupifupi katatu.

4. Kukonza mu Acrobat yolipira

Reader yaulere sisintha malemba, choncho izi n'za Acrobat Pro kapena Standard. Tsegulani kope lija, sankhani Edit PDF, kapena Edit a PDF ngati yanu ndi yatsopano. Ndime iliyonse idzazunguliridwa ndi bokosi. Musanalembe kanthu, dinani kamodzi m'kati mwa liwu lolakwika n'kuyang'ana gawo la Format. Lembani papepala zimene mukuona: dzina la fonti, saizi, kulunjikitsa kwa mizere, ndi nambala ya Line spacing. Zikasintha zokha, mudzadziwa chobwezeretsa. Yang'ananinso bokosilo ngati lazungulira ndime yokhayo. Nthawi zina limameza mutu ndi ndime pamodzi, ndipo m'mabokosi otere m'mene mipata ya pakati pa mizere imakonda kusokonekera.

Ikani kasa, kamzere kophethira kosonyeza polemba, pakati pa k ndi a mu "msonkano", n'kulemba h. Musafufute liwu lonse n'kulilembanso, komanso musamate mawu ochokera kwina, chifukwa amabwera ndi fonti yawo. Chilembo cholembedwa pakati pa liwu chimatengera maonekedwe a chinzake chapafupi. Ngati mukusinthanitsa chilembo, lembani chatsopano kaye kenaka mufufute chakale. Mukafuna ŵ, imene palibe pa kiyibodi, ikopereni mu Character Map ya Windows mutasankha fonti yomweyo. Batani la Enter lisakhudzidwe n'komwe, chifukwa limayambitsa ndime yatsopano ndi mpata wake.

Mukangolemba, imani muyang'ane ndime yonse, osati liwu lokha. Pa kalata yathu "pano" akhale kumapeto kwa mzere ndipo "Loweruka" akhale koyamba kwa wotsatira. Mukaona mizere yonse yadumpha kapena yapanikizana, onani Line spacing ngati ikufanana ndi imene munalemba ija. Mukaona zilembo za ndime yonse zasintha kaonekedwe, fonti yalowetsedwa ina: dinani Ctrl+Z, tsekani osasunga, bwererani ku sitepe yachiwiri.

Tsono tiyerekeze kuti mzere unali wodzaza, malo otsala anali mapoyinti 4 okha, ndipo "pano" wagwera pansi n'kukankha mawu a mizere yonse yotsatira. Chosowa ndi mapoyinti 2 basi. Sankhani mawu a mzere umenewo okha, kuyambira "Tikupempha" mpaka "pano", n'kusintha Horizontal scaling kuchoka pa 100 kufika pa 99. Gawo limodzi mwa 100 la mzere wa mapoyinti 451 ndi mapoyinti anayi ndi theka, okwanira kubweza "pano" pamalo pake. Pa 99 kapena 98 palibe amene angazindikire, koma mukatsika kwambiri zilembo zimaoneka zoonda poyerekeza ndi za mizere yoyandikana nayo. Saizi ya fonti musaichepetse, chifukwa imasuntha mzere m'mwamba ndi m'munsi, ndipo mzere umodzi wa 11.5 pakati pa mizere ya 12 umaonekeratu papepala. Njira ina ndi kukoka bokosi kumanja pang'ono. Imagwira bwino pa mizere yolunjikitsidwa kumanzere, koma pa yolunjikitsidwa mbali zonse ndime yonse imatambasuka n'kupitirira m'mphepete mwa ndime zinzake.

Kanthu kena kamene kamadabwitsa anthu kali m'liwu ngati "adzafike". M'mafayilo opangidwa ndi mapulogalamu osindikizira mabuku, f ndi i amalumikizidwa kukhala chilembo chimodzi. Mukafufuta i, f nayenso amapita. Palibe chaonongeka, ingolembani zonse ziwiri.

5. Kukonza mu LibreOffice Draw, yaulere

Amene alibe Acrobat yolipira angagwiritse ntchito LibreOffice Draw. Ubwino wake ndi wakuti imatsegula mzere uliwonse ngati bokosi lakelake, kotero palibe liwu limene lingagwere mumzere wapansi, ndipo mpata wa pakati pa mizere susintha pokhapokha mutakoka bokosi mwangozi. Kuipa kwake ndi kwakuti imamanganso tsamba lonse pogwiritsa ntchito mafonti a m'kompyuta mwanu, ndiye fonti ikasowa, mizere yonse imasintha, osati umene mwaukonza wokha.

Tsegulani Draw, sankhani File kenaka Open, n'kusankha kope lija. Choyamba fananizani zimene mukuona ndi PDF yoyambirira musanakhudze kanthu. Dinani pamzere muone dzina la fonti pambali. Likalembedwa mopendekeka, ndiye kuti fontiyo mulibe m'kompyuta ndipo Draw yalowetsa ina. Zikatero tsekani, ikani fonti, mutsegulenso.

Zonse zikaoneka bwino, onetsani marula ndi View kenaka Rulers. Gwirani rula ya kumanzere ndi mausi n'kukokera m'tsamba: mudzatuluka kamzere kolondolera, komwe sikapulintidwa. Kaikeni ndendende pamene mizere ya ndime ikuthera kumanja. Dinani bokosi la mzere wolakwika kamodzi, dinani F4, lembani papepala manambala a Position X ndi Position Y. Kenaka dinani kawiri m'kati mwa liwu, lembani h, n'kudina Esc.

Tsopano "pano" adzakhala atadutsa kamzere kaja ndi mapoyinti 6, popeza Draw sigawanso mipata yokha. Kumubweza kwake n'kotere: sankhani zilembo za mzerewo, pitani ku Format, Character, Position, n'kulemba `-0.1 pt` pa Character spacing. Chilembo chilichonse, ngakhalenso mpata, chimayandikira chinzake ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a poyinti. Mzere wathu tsopano uli ndi zilembo ndi mipata 82, ndiye mukasankha wonse ufupika ndi mapoyinti 8, kupitirira pofunika. Sankhani zilembo 60 zokha, mwachitsanzo kuyambira koyamba mpaka pa chilembo chachinayi cha "udzachitike", ndipo mupeza 6 yeniyeniyo. Yang'anani kamzere kolondolera, onjezerani kapena chepetsani zosankhidwa mpaka o womaliza atakhudza pomwepo. Nthawi zina Draw imadula mzere wotambasulidwa m'zidutswa zingapo. Zikatero liwu lokonzedwa limagunda chidutswa chotsatira, ndipo muyenera kusuntha zidutswazo chimodzichimodzi ndi Alt pamodzi ndi muvi wa kumanja, mpaka mipata ioneke yofanana. Pomaliza dinaninso F4 muone ngati Position Y akadali momwe analili.

Sungani ndi File, Export As, Export as PDF, osati Save, chifukwa Save imapanga fayilo ya Draw. Ngati mukalatamo muli chidindo kapena chizindikiro cha sukulu, sankhani Lossless compression ndipo chotsani chongi pa Reduce image resolution kuti zisachite mbuu.

Pali njira ziwiri zimene zimakopa koma sindikukulangizani. Kutsegula PDF mu Word kumamanganso ndime zonse mwa kuganizira, ndipo matebulo ndi masamba zimasuntha. Kuphimba liwu ndi kabokosi koyera n'kulemba lina pamwamba kumaoneka bwino pa sikirini, koma liwu lakale likadali pansi: Ctrl+F imalipeza, ndipo wokopera mawu amalitenga. Za mawebusayiti okonzera PDF, kumbukirani kuti fayilo yanu imatumizidwa ku kompyuta ya anthu ena, ndipo kalata yokhala ndi mayina a ana kapena manambala a foni a makolo si yotumiza choncho.

6. Fananizani musanatumize

Mu Acrobat sungani ndi Save As pa dzina latsopano. Tsegulani fayilo yakale ndi yatsopano mupulogalamu imodzi, zonse pa saizi yofanana, tsamba lonse likuoneka, n'kumasinthasintha pakati pa ziwirizo ndi Ctrl+Tab. Chilichonse chimene chasuntha chimaoneka ngati chikudumpha. Pa kalata yathu choyenera kugwedezeka ndi mzere umodzi uja basi. Mukaona siginecha, deti kapena ndime ya m'munsi ikudumpha, china chake chakankhidwa, ndipo ndi bwino kuyambiranso pa kope latsopano kusiyana n'kumabwezeretsa ndi mausi. Fayilo ikakhala ya masamba ambiri ndipo mwadutsira mu Draw, chitani zimenezi pa tsamba lililonse.

Dinaninso Ctrl+D muone Fonts. Ngati pabwera dzina lachilendo lomwe munalibe poyamba, ndiye kuti chilembo chanu chalembedwa ndi fonti ina. Dzina lomwelo likaoneka kawiri si vuto, chifukwa pulogalamu imaonjezera kagulu katsopano ka zilembo za fonti yomweyo. Chofunika n'chakuti lililonse likhale ndi Embedded kapena Embedded Subset, apo ayi pa kompyuta yanu zidzaoneka bwino koma pa foni ya kholo kapena pa kompyuta ya kopulintitsa padzabwera fonti ina. Fufuzani "msonkano" ndi Ctrl+F, asapezeke, kenaka "msonkhano", apezeke ngati liwu lathunthu. Kulitsani liwulo kufika 400% muone ngati h waima pamzere umodzi ndi k ndi a, ndiponso ngati kuda kwake n'kofanana. Kenaka dzitumizireni fayiloyo pa foni muione m'menemo, n'kupulinta tsamba limodzi loyesera musanalamule makope a makolo onse.